Chikopa chimadziwikira kuseri

Ntchito yanga ndi yosoka nsapato ndi zikwama, ndipo zambiri zimene zimafika pabenchi panga zimakhala zitagulidwa ndi anthu amene anayang'ana kunja kokha. Kunja sikungakuuzeni zoona masiku ano. Mafakitale amadinda pulasitiki ndi chitsulo chotentha mpaka imatuluka ndi makwinya ndi timabowo tofanana ndi ta chikopa cha ng'ombe. Ine ndikapatsidwa nsapato, choyamba ndimafuna malo amene mpeni unadula, kenako kuseri kwake.

Chifukwa chake n'chakuti chikopa ndi chinthu chimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndi timinyewa tolukanalukana, tothithikana pamwamba pomwe panali ubweya, tomasukirako kumunsi komwe kunali mnofu. N'chifukwa chake kuseri kwa chikopa kumakhala kwa manyunyu, ndipo mukakanda ndi chikhadabo timinyewato timadzuka. Chikopa chochita kupanga ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zomatidwa pamodzi: kansalu pansi, nthawi zina kasiponji pakati, ndi pulasitiki ya PU kapena PVC pamwamba. Pamalo odulidwa mizere imeneyi imaoneka bwinobwino.

Tinene kuti muli pakaunjika, mwanyamula nsapato yakuda ya mwana wasukulu. Masulani zingwe, kokani lilime lake, mulitembenuze. Nsapato zambiri za ana lilime silikhala ndi nsalu yokutira, choncho kuseri kuli poyera. Mukaona ulusi wolukidwa mwadongosolo, woyera kapena wotuwa, imeneyo ndi pulasitiki. Lilime likakhala lokutidwa, suzumirani m'mabowo a zingwe ngati mulibe tizitsulo, kapena pamene zidutswa ziwiri zakumana. Kenako dinikizani chala chachikulu pambali pa nsapatoyo. Chikopa chimachita timakwinya ting'onoting'ono tobalalika mozungulira chalacho, pomwe pulasitiki imangolowa n'kubwerera, kapena kupindika mzere umodzi wouma. Popeza nsapatoyo inavalidwapo kale, onaninso popindikira zala. Chikopa pamenepo chimakhala ndi makwinya ofewa amene amamwa polishi. Pulasitiki imang'aluka, nsalu n'kuyamba kuonekera m'ming'alumo.

Chikwama chimavutirapo, chifukwa osoka amapaka utoto wokhuthala m'mphepete kapena kupinda mphepetezo kuti zibisike. Pamenepo ndimapita ku lamba wake, pa mabowo amene chitsulo chomangira chimalowa. Bowo limene lakhala likugwira ntchito limaonetsa zam'kati zonse. Ngati nsalu yam'kati mwa chikwama ili yosamata, itsineni ndi kuisuntha kuti zala zimve chimene chili kuseri.

Anthu amakonda kudonthezera madzi, amati chikopa chimamwa. N'zoona pa chikopa chosapakidwa kanthu, koma nsapato zambiri zasukulu ndi zakuofesi zimakutidwa ndi utoto, ndipo dontho limangokhala pamwamba ngakhale chikopacho chili chenicheni. Fungo limathandizako pa katundu watsopano, koma wa m'belo amanunkha mofanana yense. Za machesi ndimaletsa. Inde, chikopa chikapsa chimanunkha ngati tsitsi lowauka ndipo pulasitiki imasungunuka, koma mwawononga katundu wa mwini wake pa chinthu chimene maso akanakuuzani.

Nsapato zochokera ku Ulaya zimakhala ndi kapepala ka zizindikiro, motsatira lamulo la kumeneko la 1994. Kamaonetsa magawo atatu: pamwamba, m'kati ndi soli. Chithunzi cha chikopa choyalidwa chikutanthauza chikopa, ndipo lamulolo limafuna kuti chikhale chosachepera magawo 80 pa 100 a gawo limenelo. Dayamondi yopanda kanthu m'kati ikutanthauza zinthu zina, kawirikawiri pulasitiki. Chimene ndimafuna anthu achidziwe ndi chachitatu, chikopa chojambulidwa m'kati mwa dayamondi. Chimenechi ndi chikopa chokutidwa. Nthawi zambiri amatenga chikopa chokhuthala cha ng'ombe n'kuchiwaza pawiri, gawo lapamwamba n'kugulitsa modula, lakumunsi n'kulimata pulasitiki. Mukachitembenuza mupeza manyunyu enieni, ndipo wogulitsa sananame kwenikweni, koma pamwamba pake padzasupuka ndithu. Mumachidziwa poona pamalo odulidwa: kamzere kosalala, konyezimira, kokhala pakokha pamwamba pa timinyewa.

Kusupukako n'kumene kumandipweteka mtima. PU imawola ndi chinyezi ndi kutentha, ngakhale chikwama chitangokhala m'sutikesi osagwiritsidwa ntchito, ndipo ikayamba kunyenyeka palibe guluu kapena polishi amene angaibweze. Mayi akabwera nacho chotere ndimawauza kuti, "Amayi, ndalama yanu musatayenso apa." Ndikasoka, ulusi umang'amba nsaluyo motsatira mabowo a singano. Nsapato yachikopa ndimatha kuisintha soli, kuisoka pomwe yatumbuka, ndi kuipaka mafuta ikauma, mwana n'kuivala mpaka phazi litakula, mng'ono wake n'kuilandira.