Sura Iti? Wasimba Ndani?

Akutha anthu aja, ana anga. Akutha akuluakulu amene ankati akamva munthu akulalikira, khutu lawo linkawauza pomwepo ngati mawuwo ndi a m'Kurani kapena ndi hadisi ya Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye. Kuno ku Nkhotakota tawaika m'manda mmodzimmodzi. Imfa sindiidandaula, pakuti ndi njira ya tonse. Chimene chimandiwawa mumtima n'chakuti mafunso awo awiri apita nawo kumanda, ndipo ife otsala tangoti kukamwa yasa, kulandira chilichonse chimene chayamba ndi mawu akuti Allah wanena.

Amwalimu amene anatiphunzitsa kumadarasa sankalola kuti mwana asakanize Kurani ndi hadisi. Ankatiuza kuti Kurani ndi mawu a Allah mwini, amene anatsika kudzera mwa mngelo Jibulilu kwa zaka pafupifupi 23. Ili ndi masura 114, yagawidwa m'majuzu 30, ndipo palibe aya imene ilibe malo ake. Hadisi ndi zimene Mtumiki ananena, anachita, kapena anaona zikuchitika n'kuzivomereza. Zimenezi anazisunga Maswahaba n'kuuza ophunzira awo, iwonso n'kuuza ena, kufikira zinasonkhanitsidwa m'mabuku monga la Imamu Bukhari, amene anamwalira mu 870, ndi la Imamu Muslim, amene anamwalira mu 875.

N'chifukwa chake mafunso anali awiri. Munthu akati mawuwa ndi a m'Kurani, ankamufunsa kuti: "Sura iti, aya iti?" Akati ndi a Mtumiki, funso linkakhala lakuti: "Wasimba ndani, m'buku liti?" Aya imadziwika ndi malo ake. Hadisi imadziwika ndi anthu ake, mndandanda uja wa osimba wotchedwa isinadi, umene umayambira kwa wolemba buku n'kukafika kwa Swahaba amene anamva ndi makutu ake. Akatswiri ankayeza mndandandawo munthu ndi munthu, ngati anali woona, ngati ankasunga bwino mawu, ngati anakumanadi ndi amene akuti anamva kwa iye. Atatero m'pamene ankagamula kuti hadisiyo ndi sahihi, hasani, yofooka kapena yopeka. Aya siyezedwa chotero. Palibe aya yofooka. Ili m'Kurani kapena mulibe, basi.

Ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga pa sadaka ya mayi wina m'mudzi mwathu, ndili mnyamata. Anaima mlaliki wachinyamata, wa mawu okoma, n'kunena kuti Allah wanena m'Kurani za Jana imene ili pansi pa mapazi a amayi. Amayi kuseri anasisima, ife tinagwedeza mitu. Shehe wokalamba amene anakhala pamkeka kutsogolo sanamudule. Anadikira mpunga udyedwe, anthu abalalike, kenako anamukodola.

"Bwerani kuno, mwanawe. Mwalankhula bwino za amayi. Koma aya ija ili m'sura iti?"

"Ndinangoimva, ashehe. Aliyense amati ndi ya m'Kurani."

"Tiyeni tiifune limodzi."

Anaitanitsa msahafu wake wokutidwa m'nsalu yobiriwira, masamba ake atada m'mphepete chifukwa cha zala. Anatsegula Sura Isra, ya nambala 17, aya 23 ndi 24, pamene Allah akulamula kuchitira zabwino makolo, kuletsa ngakhale liwu lowanyansidwa akakalamba, ndi kuphunzitsa mwana kuwapempherera chifundo. Anapita ku Sura Lukumani, ya nambala 31, aya 14, pamene pakunenedwa za mayi wosenza pakati ali wofooka ndi kuyamwitsa zaka ziwiri. Anatsegulanso Sura Ahakafu, ya nambala 46, aya 15. Ulemu wa mayi unalimo monsemo, koma za mapazi munalibe.

Kenako anamufotokozera kumene nkhaniyo ili. Ili m'buku la Imamu Nasai, m'gawo la za nkhondo. Swahaba wina dzina lake Jahima anabwera kwa Mtumiki kudzapempha malangizo, akufuna kupita kunkhondo. Mtumiki anamufunsa ngati mayi ake ali moyo, ndipo atamva kuti alipo anamuuza kuti akhale nawo, n'kutchula za Jana ndi mapazi awo. Wosimba ndi mwana wake wa Jahima yemweyo, Muawiya. Ashehe anawonjeza kuti mawu afupi aja otchuka pakamwa pa anthu akatswiri ambiri amati mndandanda wake ndi wofooka, koma nkhani ya Jahimayi ndiyo yodalirika.

"Tanthauzo simunaname, mwanawe," anatero. "Koma mwaika m'kamwa mwa Allah mawu amene sanatsitse m'buku lake. Lachisanu mukawauze anthu." Mnyamatayo anakanenadi, ndipo palibe anamuseka.

Akuluakulu aja anali ndi njira inanso yoyezera. Ankafunsa kuti: kodi mawuwa ungaime nawo pa swala pambuyo pa Fatiha? Kurani yokha ndiyo imawerengedwa pamenepo. Hadisi, ngakhale ikhale yoona bwanji, siilowa m'malo mwa sura. Apa ndi pamene ankatichenjeza za msampha wa hadisi kudusi, zimene Mtumiki amasimba kuti Mbuye wake wanena. Imodzi yodziwika ndi imene anasimba Abu Dharr, ya m'buku la Muslim, pamene Allah akuuza akapolo ake kuti anadziletsa kupondereza ndipo waletsanso kuti iwo aponderezane. Wolankhula ndi Allah, komabe si aya. Ilibe sura, ili ndi isinadi, ndipo imayezedwa monga hadisi ina iliyonse. Choncho kumva kuti Allah wanena sikokwanira. Funsa ndithu kuti sura iti.

Nanga chinasintha n'chiyani? Kale mawu ankatifika m'Chiarabu kuchokera pakamwa pa munthu amene tinkamudziwa. Wolalikira ankayamba wawerenga aya ndi kayendedwe kake ka tajiwidi, kapena kutchula Swahaba amene anasimba hadisi, kenako n'kumasulira. Pamzere woyamba pankakhala anthu osunga masura ambiri pamtima, amene ankazindikira msanga mawu achilendo, monga mayi amaonera kamwala mumpunga palichero. Lero mawu akubwera pafoni atamasuliridwa kale m'Chichewa, opanda nambala ya sura, opanda dzina la wosimba. Aya ndi hadisi zikamasuliridwa zimamveka mofanana, ndipo khutu silingathandizenso. Mwambi wa munthu wamba ukuyenda ngati hadisi, hadisi ikuyenda ngati aya, ndipo wolandira amangoitumiza kwa ena asanatsegule buku.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mabuku lero achuluka kuposa kale. Kurani yomasuliridwa m'Chichewa ilipo, chinthu chimene agogo athu sanachione. Iwo ankayenda mtunda wautali kukafunsa za hadisi imodzi. Ankaopa, chifukwa ankadziwa chenjezo la Mtumiki lakuti womunamizira mwadala akudzikonzera malo kumoto, ndipo kunamizira Allah n'koopsa koposa. Munthu akakayikira ankati, ndamva koma sindinaone pamene palembedwa.

Ine masiku anga atha, maso sakuonanso zilembo zazing'ono. Inu amene mwatsala, mukalandira mawu otchedwa aya, tsegulani msahafu pa sura ndi nambala imene yatchulidwa, muone ngati alimodi. Mukalandira otchedwa hadisi, funani dzina la Swahaba ndi la buku, kenako mufunse ashehe za mphamvu yake. Akakhala opanda zonsezi, asiyeni pomwepo, musawapatsire wina. Safunsa anadya phula, ndipo phula la m'nkhani za chipembedzo sudya wekha, umadyetsanso ana ako.