Kukana msonkhano wa bwana popanda kutseka chitseko

Ambiri a ife bwana akatiitana ku msonkhano timayankha kuti "ndiyesetsa", chonsecho mumtima tikudziwa kuti sitifika. Timayesa umenewu ndi ulemu. Koma kwa munthu wotanganidwa mawuwa amatanthauza kuti eya. Amapatula ola, amathira mafuta m'galimoto, kenako amakakhala ndi mpando wopanda munthu. Ine ndaona kuti ulemu weniweni ndi kukana msanga, n'kutchula tsiku lina nthawi yomweyo.

Ndine kalaliki pa depoti yogula soya ndi mtedza pa Nsaru. Manejala wathu amakhala mumzinda wa Lilongwe, ndipo amayang'aniranso madepoti a ku Namitete, Mpingu, Kabudula ndi Nambuma. Nyengo yogula mbewu ikafika, tsiku lawo limathera pamsewu. Lolemba lina mu Juni anandilembera uthenga kuti tikakumane Lachitatu 9 koloko m'mawa ku Namitete, tikaunike mabuku a sikelo ndi kukambirana za kontrakiti yanga ya chaka chamawa. Tsiku lomwelo lole inali kubwera kudzanyamula matumba 240 a soya, ndipo wowerenga ndi kusainira matumbawo ndi ine. Thumba limodzi la makilogalamu 50 likasowa, amadula pa malipiro anga. Komanso munthu amene wagwira kontrakiti yako sumuyankha mwachisawawa.

Ndinayankha ola lisanathe, motere: "Zikomo bwana pondiitana ku msonkhano wa Lachitatu. Pepani, sinditha kufika chifukwa m'mawa womwewo lole ikudzanyamula matumba 240 ndipo wosainira ndine. Ngati n'kotheka, ndibwere ku Namitete Lachinayi 2 koloko masana, kapena ndikakudikireni pa depoti ya Mpingu Lachisanu m'mawa pamene mukudutsa. Zithunzi za masamba a buku la sikelo nditumiza mawa madzulo kuti muyambe kuona."

Chifukwa chake ndinachilemba m'chiganizo chimodzi chokha, ndipo chinali choti iwo akhoza kutsimikiza pongofunsa dalaivala. Munthu akachulutsa zifukwa, womvera amayamba kukayika. Ena amanamizira maliro, podziwa kuti pa Malawi palibe bwana angaletse munthu kukalira m'bale wake. Koma kuno anthu amadziwana. Wa kabaza mmodzi akhoza kuulula kuti kumudzi kwanu kulibe zovuta, ndipo tsiku limene maliro enieni adzagwe mudzavutika kupempha.

Chachikulu mu uthengawo chinali nthawi ziwiri zija. Paja amati pepani sapoletsa chilonda. Kungopepesa n'kulekera pomwepo, kapena kunena kuti "tidzakumana tsiku lina", kumamusiyira bwana ntchito yofufuza tsikulo, ndipo wotanganidwa sadzalifufuza. Kutchula nthawi imodzi yokha kumamveka ngati wamng'ono akulamula wamkulu. Ziwiri zimamupatsa mpata wosankha ndi mawu amodzi, ngakhale ali pa chiwongolero. Nthawizo ndinazisankha poyang'ana ulendo wawo, osati wanga. Ndinkadziwa kuti Lachisanu lililonse amatsata msewu wa Mchinji, ndipo Mpingu ili pamsewu womwewo asanafike ku Namitete. Fumbi ndi mtengo wa njinga yamoto zinali zanga, iwo sanafunike kupatuka.

Ndinasankha kulemba osati kuimba. Bwana wa madepoti asanu amalandira mafoni ambirimbiri, ndipo tsiku lotchulidwa pakamwa limaiwalika msanga. Cholembedwa amachipeza akakhala pansi. Kutumiza mawu kudzera mwa dalaivala kapena mlonda n'kosayenera, chifukwa wakuitana yekha umamuyankha wekha. Pofika Lachiwiri masana anali asanayankhe, choncho ndinaimba kamodzi n'kufunsa kuti, "Bwana, mwauona uthenga wanga wa dzulo?" Anati anauona ali kubanki, ndipo anasankha Mpingu. Tinakumanadi Lachisanulo, ndipo popeza masamba aja anali atawaona kale, za sikelo zinatha msanga, nthawi yambiri n'kupita ku kontrakiti.

Njirayi ili ndi malire. Msonkhano wa anthu awiri umasunthika, koma wa makalaliki onse asanu sungasunthe chifukwa cha ine ndekha. Pamenepo chofunika ndi kupempha kuti wothandizira wanga akandiimire, ine ndidzamve zotsatira. Ndipo akakuitana pa nkhani ya ndalama zosowa kapena kubwera kwa owerengera chuma, kukana kumaoneka ngati kuthawa mlandu. Zikatero umangowauza zonse ziwiri: "Bwana, tsikulo kuli lole ndiponso msonkhano wanu, ndiyambe chiti?" Ntchito zonsezo ndi zawo, ndiye asankhe okha. Akati siya lole, pempha kuti alembe dzina la amene akasainire matumba m'malo mwako.