Tiyi wa jinja wa nseru ndi wa chimfine saphikidwa mofanana

Akonzi, ndiloleni ndikambeko za tiyi wa jinja, chifukwa mphepo ya mwera ikayamba kuomba kuno ku Nkhotakota mu Juni ndi Julayi, pafupifupi khomo lililonse la m'mbali mwa nyanja limanunkhira jinja. Ine ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ya kumudzi, ndipo chimene ndaona n'chakuti ambiri timakhulupirira kuti tiyi akamawawa kwambiri pakhosi ndiye kuti akugwira ntchito. Pa chimfine maganizo amenewa savulaza kwenikweni, koma pa nseru amatha kuonjezera vuto lomwe timafuna kuthetsa.

Kuwawa kwa jinja wamuwisi kumachokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa jinjero. Jinja akaumitsidwa kapena kuwiritsidwa nthawi yaitali, ena mwa mankhwalawa amasanduka shogawolo, amene amawawa kuposa jinjero. N'chifukwa chake ufa wa jinja umaluma kwambiri kuyerekeza ndi muzu wongokumba kumene. Komanso muzu wauwisi ndi madzi okhaokha pafupifupi magawo anayi mwa asanu, choncho galamu imodzi ya ufa ikufanana ndi magalamu ngati 5 a muzu. Popeza kunyumba tilibe sikelo, galamu imodzi ya ufa ndi theka la sipuni ya tiyi, pamene magalamu 5 a muzu ndi kachidutswa konga nsonga ya chala chachikulu, kuchokera pa mfundo kukafika ku chikhadabo.

Mlamu wanga ali woyembekezera miyezi iwiri ankavutika ndi nseru m'mawa uliwonse. Apongozi ake, mwa chikondi, ankasinja jinja wodzaza dzanja, kumuwiritsa mpaka madzi kuda, n'kumupatsa kapu yodzaza asanadye kanthu. Amati akamwa, pasanathe mphindi khumi chilungulira chayamba, kenako n'kusanza. Mayiwo anangoti, "Mwanayu mimba yake ndi yokana mankhwala." Nditaona mmene ankaphikira ndinawapempha kuti, "Amayi, tandilolani tiyese kuchepetsa kwa masiku atatu okha."

Tinatenga kachidutswa kamodzi konga nsonga ya chala kaja, kukatsuka bwino, n'kukadula timagawo topyapyala osasinja. Tinawiritsa madzi makapu awiri, kuwaphula, kuponyamo jinjayo ndi kuvindikira kwa mphindi 5 zokha, kenako n'kusefa. Tiyi ameneyu ndiye anali wa tsiku lonse, womwa kanayi, theka la kapu nthawi iliyonse, mochita kupsontha pang'onopang'ono ali wofunda. Theka loyamba ankamwa atayamba watafuna kachidutswa ka chinangwa chophika kapena bisiketi. Nseru sinatheretu, koma kusanza kunachepa mpaka anayamba kusunga phala m'mimba.

Zinthu zitatu zinasintha pamenepa. Tiyi wofooka sapsereza kukhosi ndi m'mimba. Kumwa pang'onopang'ono sikudzazitsa mimba yomwe ili kale yokwiya, pamene kapu yodzaza yogugudiza ikhoza kusanzitsa ngakhale atakhala madzi wamba. Ndipo muyezo wake sunapitirire galamu imodzi ya ufa patsiku, umene ndi muyezo womwe kafukufuku wambiri wa amayi oyembekezera wakhala akugwiritsa ntchito. Mlamuyo anakauzanso anamwino ku sikelo za tiyiyu, ndipo mayi aliyense woyembekezera azitero. Amene akusanza chilichonse ngakhale madzi, mkodzo n'kuchepa kapena kuda, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa nseru ya paulendo, nthawi ndiyo imalamula. Aliyense amene anakwerapo Ilala kupita ku Likoma nyengo ya mwera, kapena boti la injini mafunde atakwiya, akudziwa kuti nseru ikayamba, fungo la tiyi lomwe limanyansa. Jinja amafunika kumwedwa theka la ola kapena ola lathunthu musanakwere. Mu 1988 akatswiri a ku Denimaki anayesa zimenezi pa anyamata 80 ophunzira usilikali wa panyanja. Ena anawapatsa galamu imodzi ya ufa wa jinja, ena mankhwala ongoyerekezera. Omwe analandira jinja anasanza mochepa ndipo thukuta lozizira lija linawachepera, koma pa chizungulire kusiyana kwake sikunali kwakukulu. Choncho jinja amathandizako, koma musayembekezere kuti nyanja ikhala bata m'mutu mwanu.

Tiyi wa chimfine ndiye angathe kukhala waukali. Kachidutswa komwe kaja mukasinje, mukawiritse mu kapu imodzi ndi theka ya madzi kwa mphindi 10 mpaka 15 mutavindikira, mpaka patsale kapu imodzi. Ndimu mufinyiremo mutaphula, ndipo ngati uchi ulipo onjezani sipuni imodzi tiyi atayamba kuzizirako. Ameneyu ndi wabwino kumwa mutadya, makamaka madzulo pamene kukhosi kumakanda. Makapu atatu patsiku akukwana, chifukwa akufanana ndi magalamu ngati 3 a ufa, ndipo malire omwe amalangizidwa kwa munthu wamkulu ndi magalamu 4, kapena kuti masipuni awiri a tiyi. Mukapitirira, thupi limanena lokha: chilungulira, kugeya kowawa, mkamwa kutentha, mwinanso kutsegula m'mimba. Mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi, ndipo amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga wofarini afunse kaye adokotala asanazolowere jinja wa tsiku ndi tsiku.

Tiyiyu amatenthetsa thupi, amafewetsa kukhosi ndi kumasula mamina, koma chimfine chimayamba ndi vayirasi ndipo chimatha chokha pakadutsa masiku 7 mpaka 10, mumwe jinja kapena ayi. Kuonjezera ukali wa tiyi sikufupikitsa masiku amenewa.

Chimene chandilembetsa kalatayi makamaka ndi malungo. Kuno kunyanja malungo ndi a chaka chonse, ndipo amayamba ngati chimfine: mutu, kuphwanya m'thupi, nseru, kuzizidwa. Mtsikana wina wa fomu 4 m'kalasi mwanga anajomba masiku atatu mayeso atayandikira. Nditafunsa mchimwene wake, anati, "Aphunzitsi, ndi chimfine chabe, agogo akumuphikira jinja ndipo akutuluka thukuta, ndiye kuti chikutuluka." Thukutalo ndi limene limatinamiza, chifukwa jinja amatulutsa thukuta, malungonso amatulutsa thukuta kutentha kukamatsika, kenako n'kubwereranso. Ndinamutuma kuti akauze agogowo kuti mwanayo akayezetse magazi tsiku lomwelo. Anapezeka ndi malungo, anamugoneka, ndipo anachira mochedwa kuposa mmene zikanakhalira akadapita tsiku loyamba.

Kusiyanitsa kwake sikovuta kwambiri. Chimfine chimabwera ndi mamina, kuyetsemula ndi kukanda kukhosi, ndipo munthu amadyabe ndi kuyendayenda. Thupi likatentha, makamaka kwa mwana kapena mayi woyembekezera, kayezetseni pasanathe maola 24, pakuti kuyezako kumangofuna dontho la magazi ndi mphindi ngati 20. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri, kayezetseni makhololo. Kusanza kukabwera pamodzi ndi kutsegula m'mimba kwa madzi okhaokha, tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023: wodwalayo ayambe kumwa Thanzi muli panjira yopita kuchipatala, mphika wa jinja mudzautereka mukabwerako.

Mphunzitsi,
Nkhotakota