Nthabwala ya pa foni ikafika pa maikolofoni

Nthabwala zambiri zimene timafa nazo ndi phwete pa gulu la banja la pa WhatsApp zimazizira zikangolankhulidwa pagulu la anthu. Ine ndimapemphedwa kawirikawiri kulankhula pa zinkhoswe za abale, ndipo ndaona kuti nthawi zina chimene chimazipha ndi katchulidwe ka Chichewa chathu chomwechi.

Taonani mawu oti mtengo. Polemba, mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga sizisiyana. Koma potchula, wa mango timakweza liwu pa "te", pomwe wa shuga liwu limangoyenda pansi. Ndiye mnyamata wina wa kwathu analemba pa gulu kuti: "Chiyambireni ntchito ku banki, achemwali akwera mtengo." Tinaseka, chifukwa diso limaona zonse ziwiri nthawi imodzi: munthu amene wayamba kudula, komanso mayi wa suti ndi nsapato za gogoda ali kakaka pa nthambi.

Pa chinkhoswe cha achemwali akewo, anaiwerenga momwemo kuchokera pa foni. Pakamwa sipangatchule mitengo iwiri nthawi imodzi, ndiye anatchula wa shuga. Nthambi ija inasowa. Chimene chinatsala ndi mlongo akuuza apongozi ndi ankhoswe kuti mkwatibwi wayamba matama. Holo yonse inangoti zii, mpaka woimba nyimbo anachita kutipulumutsa.

Nthabwala yomweyi ikhoza kupsa bwino, bola uigawe pawiri. Uyambe ndi chinthu choti anthu achione m'maganizo: "Uyu ndinakula naye. Ali mwana ankakwera mtengo wa mango kwa agogo, kutsika mpaka aone mkwapulo." Apa ukhale chete kaye. Azakhali amene akukumbukira aseka, ndipo ena aseka poona azakhaliwo. Phokoso likatsika, utembenukire kwa mkwati: "Alamu, mwaona nokha zimene mwawononga lero. Munthuyu wakweranso mtengo." Khutu linamva kale mtengo woyamba, ndiye wachiwiriwu ukamagwa limadzilumikizira lokha.

Kudikirako n'kovuta kuposa mmene kumamvekera. Ukaimirira kutsogolo, masekondi atatu amakhala ngati chaka, ndipo amene akuwerenga pa foni sadikira n'komwe poti maso ali pansi. Komanso masipika a m'maholo athu ambiri amabwereza mawu, choncho ukathamanga, liwu lomaliza lija, lomwe ndi mwini nthabwala, limamira.

Palinso za amene akulankhula. Msuweni akhoza kunena zimenezi bwinobwino, poti chisuweni chimalola kunyogodolana ndipo aliyense m'holomo akudziwa. Mawu omwewo akachoka pakamwa pa mlongo wamng'ono kapena mnzake wa ku ntchito, akuchimuna amayamba kuyang'anana. Pa foni timaika kankhope koseka kumapeto kuti anthu adziwe kuti ndi macheza. Pa maikolofoni kankhopeko kulibe, ndipo agogo amene akhala kutsogolo aja sali pa gulu lathu.