Kulumikiza malata a chivundikiro cha thanki ndi maliveti

Ntchito yanga ndi ya malata, ndipo shedi yanga ili ku Biwi. Kale ndinkangokhoma ndowa ndi mbaula, koma masiku ano anthu a ku Chinsapo ndi ku 25 amene amamanga mathanki a njerwa osungira madzi amabwera kudzafuna zivundikiro. Ambiri amafika akunena kuti, "Amisiri, mungowotcherera basi." Ndimakana. Lata lopyapyala ngati la 0.5 mm limabooka ndi moto wa wedingi, ndipo utoto wa zinki umene umaliteteza umapsa. Dzimbiri limayambira pamzere womwewo. N'chifukwa chake ndimagwiritsa ntchito maliveti ndi gani yofinya ndi manja.

Titenge thanki yotalika mamita 1.5 mbali zonse. Lata losalala limene timagula kumashopu a ku Malangalanga limakhala la mamita 2.4 mulitali ndi 1.2 mulifupi, choncho limodzi silingakwane. Chivundikiro chimafunika chikhale cha masentimita 152 kuti chizilowa bwino, kuphatikizapo mlomo wa masentimita 5 wopindira pansi mbali iliyonse. Zonse pamodzi ndi 162. Ndimadula zidutswa ziwiri, chilichonse 162 mulitali ndi 83 mulifupi, n'kuzisanjika kuti zilowane masentimita 4.

Zonse zimagona pa bowo. Liveti ya 3.2 mm imafuna bowo la 3.3 mm, osapitirira pamenepo. Anyamata ena biti ikathyoka amangotenga msomali ndi hamala. Bowo la msomali limang'amba lata n'kulitukumula kunsi, ndiye malata awiriwo sagwirana, amangotsamirana pa timilomo tong'ambikato. Bowo likakula kwambiri, liveti imafufuma m'bowo momwemo osagwira kanthu, ndipo mukaikhudza ndi chala imazungulira. Komanso musaboole pafupi ndi m'mphepete. Lamulo n'lakuti pakhale mtunda wosachepera kunenepa kwa liveti kawiri, koma ine ndimangotsata pakati pa masentimita 4 aja.

Ndisanaboole ndimapana malatawo ndi kilampu, kunsi n'kuikako thabwa. Ndikaboola mabowo ochepa ndimamasula n'kuchotsa tizitsulo totsalira pakatipo. Ambiri amanyalanyaza zimenezi. Kachitsulo kamodzi kakatsalira kamasiya mpata, ndipo mvula ikangogwa kamalemba mzere wofiira palata. Liveti siikoka malata otalikirana kuti akumane. Ikapeza mpata imafufuma pakati pa malata awiriwo, ndipo mpatawo ukhala choncho mpaka kalekale.

Sindiyambira kumapeto n'kumapita kumapeto ena, chifukwa lata limayenda pang'onopang'ono, pofika uko limakhala litatupa ngati mimba. Ndimayambira pakati, kenako kumapeto konse kuwiri, ndiyeno pakati pa mipata yotsalayo, mpaka maliveti atatalikirana masentimita 5. Pamzere wa 162 amalowa pafupifupi 32.

Ganiyo ili ndi timilomo tosinthasintha, ndipo kamlomo kayenera kugwirizana ndi msomali wa liveti. Mumalowetsa livetiyo mpaka mutu wake utagona palata, gani itaima chilili, mukukanikiza pansi. Mukafinya kawiri kapena katatu msomali umaduka ndi kaphokoso kakuti "tha!" Msomali ukadukira kunja n'kutsala wotuluka pamutu, kawirikawiri liveti ndi yaitali kuposa malatawo kapena bowo lakula. Gani ikamangoterereka osakoka, mano ake a m'kati adzaza zinyalala kapena atha. Pa malata awiri a 0.5 mm liveti ya 6 mm mulitali imakwana. Yolakwika musaimenye ndi hamala: boolani mutu wake ndi biti yomweyo ya 3.3, idzagwa yokha.

Chivundikiro chachikulu chotere chimafota pakati, madzi a mvula n'kumadikha. Ndimaika engo ayironi ya 25 mm kunsi, yopaka penti, chopingasa mzere wolumikiza uja. Chitsulocho chikakhala cha 3 mm ndimasintha, n'kutenga liveti ya 4 mm yotalika 10 mm, bowo la 4.1. Mutu wa liveti umakhala kulata, mbali yofufuma ikhale kuchitsulo chokhuthala, chifukwa ikafufumira palata lopyapyala imatha kuzuka mphepo ya Okutobala ikanyamula chivundikirocho.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti madzi amenewa ana amamwa. Liveti wamba ili ndi kabowo pakati pamene panadutsa msomali, ndipo madzi a pamwamba, ndi fumbi ndi zitosi za mbalame, amatha kudontheramo. Alipo maliveti otseka kunsi, ndipo akapezeka ndimagula amenewo. Akasowa ndimapaka silikoni pakati pa malata ndisanafinye, ndi kadontho pamutu uliwonse. Ndimauzanso womanga kuti khoma limodzi likwereko masentimita angapo, ndipo lata la kumtunda ndi limene limakhala pamwamba pa linzake. Ndisanalandire ndalama ndimathira ndowa ya madzi pamzerewo, mwini wake akuyang'ana kunsi.