Kalata ya nsinjiro

Kwathu ku Mitundu mwana wokana mtedza amati ndi wamatama. Ine ndinakulira nkhwani wotendera ndi futali, ndiye tsiku limene mwana wanga anatupa milomo atanyambita chiponde kwa agogo ake, ndinayamba ndaganiza kuti yamuluma njuchi. Pofika kuchipatala cha Mitundu mawu anali atasasa, mpweya ukulira pakhosi. Anamubaya jakisoni wa adirenalini pantchafu, kenako adokotala anati, "Mayi, mtedza umamuwenga mwanayu. Asadzaulawenso."

Chaka chino wayamba Sitandade 1 kuno ku Nathenje kumene tikukhala. Kusukulu amamwa phala, ndipo amayi ophika nthawi zina amathiramo nsinjiro kuti likome. Nditawauza aphunzitsi ake, anaseka. "Muzimupatsa pang'onopang'ono, azolowera." Usiku womwewo ndinang'amba pepala pakati pa kope n'kulembera ahedi.

"Bambo aphunzitsi aakulu,

Sindikudandaula za munthu aliyense. Ndikupempha zinthu zitatu.

Choyamba, phala la mwana wanga lizipatulidwa nsinjiro zisanathiridwe, ndi chipande chotsuka ndi sopo. Kuphika sikuchotsa chimene chimamuwenga, ndipo katsotso kotsalira pamthiko n'kokwanira kumudwalitsa. Ngati kupatula kuli kovuta, mundiuze, ndizimupatsira mbatata kunyumba.

Chachiwiri, azimwera kapu yake yokha. Ndailemba dzina. Anzake akamugawira mtedza wokazinga iye n'kukana, asakalipiridwe. Ndinamuphunzitsa ndine kukanako.

Chachitatu, ngati walawa mwangozi, muyang'aneni. Akangotuluka ziwengo ndi kuyabwa, mpatseni piritoni amene ndasiya kuofesi kwanu monga ndalembera pabotolo, mundiimbire, ndipo wamkulu asachoke pambali pake. Koma lilime likatupa, mawu akasasa, akamapuma movutika kapena akafooka, piritoniyo sangamupulumutse. Musandidikire ine, musamuyendetse wapansi. Munyamuleni, pezani njinga yamoto, thamangirani kuchipatala cha Nathenje, mukanene kuti wadya mtedza umene umamuwenga. Izi zimachitika m'mphindi zochepa.

Ine kholo lanu."

Mawu oti "chonde" ndinawalemba kanayi, n'kuwafufuta onse. Ndinaopa kuti kalata yodzaza chonde ingamveke ngati ya mayi wolera mwana monyengerera, pamene nkhani yake ndi ya mpweya wa mwana.

Ahedi anaiwerenga ndili chiimire pakhomo. Anavula magalasi n'kufunsa, "Ngakhale supuni imodzi, mayi?" Ndinati ngakhale supuni yosatsuka. Anaitana mayi wamkulu wa ophika, ndipo mayiyo anagwira pakamwa, chifukwa mmawa womwewo anali atasinja kale.

Panopa kukhitchini kuli kampoto kakang'ono ka mwana wanga. Komabe belu la phala likamalira, kunyumba kuno ndimasiya kuchapa, foni n'kuigwira m'manja mpaka ana atalowanso m'kalasi.