Madontho 42 pa mphindi

Kwathu ku Makanjira ndinkadziwika kuti ndine mtsikana wanzeru, ndipo dzina limenelo linatsala pang'ono kundichotsetsa sukulu. Nditasankhidwa kukaphunzira unamwino ndi uzamba, maphunziro a zaka zitatu, amayi anagulitsa usipa nyengo yathunthu kuti fizi ikwane. Munthu woperekezedwa ndi mudzi wonse anganene bwanji kuti masamu a diripi akumukanika? Choncho ndinkangokhala chete m'kalasi, n'kumagwedeza mutu ngati womva.

Masamuwo ndi otere. Dokotala akalemba kuti wodwala alandire madzi okwana mamililita 1,000 pa maola 8, namwino ayenera kudziwa madontho oyenera kugwa pa mphindi iliyonse, kenaka atembenuze kagudumu ka pa chubu mpaka madonthowo akwane. Ine ndinaloweza njira yake pamtima monga nyimbo, koma sindinkaimvetsa. Pa mayeso oyamba ndinalephera, pepala ndinalibisa pansi pa sutikesi. Muwodi ndinkangoyang'ana diripi ya bedi loyandikana n'kutsegula yanga mofanana nayo.

Usiku wina, m'chaka choyamba, tinalandira agogo ena aakazi odwala kutsegula m'mimba. Sisita wamkulu anawabaya okha, nanditumiza kuti ndichune madontho. Ndinachita mwa chizolowezi changa chija. Patapita maola awiri Sisita anadutsa ndi tochi, nayang'ana thumba la madzi, natseka kagudumu msangamsanga. Madzi opitirira theka anali atalowa kale, pomwe anayenera kulowa mamililita 250 okha. Anawerenga kapumidwe ka agogowo, anamvetsera m'chifuwa, naitana dokotala. Madzi akalowa mothamanga mwa munthu wokalamba kapena wa mtima wofooka amatha kudzaza m'mapapo, munthu n'kuyamba kubanika. Alhamdulillah, agogowo sanafike pamenepo.

Sisita atandifunsa, yankho labodza linali kale pakamwa, loti kagudumu kanasuntha kokha, pakuti zimenezo zimachitikadi wodwala akamatembenuka. Koma ndinayang'ana mwana wa agogowo, atagona pa chitenje pansi pa bedi, wokhulupirira kuti ife ovala zoyera tikudziwa chimene tikuchita.

"Sisita, ine masamu amenewa sindiwatha. Chonde mundiphunzitse."

"Kodi mwana iwe, miyezi yonseyi unali kuti?"

Anandikalipira ndithu, ndipo analemba lipoti lopita kusukulu. Sindiwadandaula. Koma cha m'ma 3 koloko, wodi itakhala bata, anakoka mpando natenga chikatoni cha mankhwala kuti tilembepo. Sanandipatse njira yoloweza. Anandifunsa kuti, amayi ako atakhala ndi ndowa 1,000 za usipa zoti agulitse masiku 8, tsiku limodzi agulitsa zingati? Ndinayankha kuti 125. Anati basi, ndiwo mamililita a pa ola limodzi. Kenaka anandionetsa pepala lokutira chubu, pomwe panalembedwa kuti madontho 20 amapanga mililita imodzi. Ine pepala limenelo ndinkangong'amba n'kutaya osaliwerenga! Mamililita 125 kuchulukitsa ndi 20 ndi madontho 2,500 pa ola. Ola lili ndi mphindi 60, ndiye ukagawa upeza madontho pafupifupi 42 pa mphindi. Pamenepa ndi pomwe ndinkasokonekera nthawi zonse: ndinkaiwala kusandutsa maola kukhala mphindi, ndipo chiwerengero chikatuluka chachikulu ndinkataya mtima.

Anandichenjezanso kuti machubu safanana. Ena, makamaka a ana, amatulutsa timadontho 60 pa mililita, motero wokopera bedi la mnzake akhoza kupha munthu. Pomaliza anamata pulasitala m'mbali mwa thumba nalembapo pamene madzi ayenera kufika ola lililonse, kuti wodutsa aliyense aone ngati diripi yathamanga kapena yaima.

Chovuta kwambiri chinali m'mawa mwake, kukagogoda kwa mphunzitsi wathu ndi pepala lolephera lija m'manja, lili ndi makwinya. Anandiika m'gulu la anzanga anayi okumana madzulo. Kumeneko ndinadabwa kupeza mtsikana wa ku Salima amene ndinkamuopa chifukwa cha Chingerezi chake chothyakuka, nayenso akulimbana ndi kuwerengera mankhwala a ana molingana ndi kulemera kwawo. Iye anandithandiza mawu a Chingerezi a ziwalo za thupi, ine ndinamuthandiza kugawa, popeza za usipa zija zinali zitalowa. Wodi ija ndinaibwereza masabata ena, anzanga atapita ku tchuthi. Amayi ndinawauza zoona pa foni. Anakhala chete pang'ono, kenaka anangofunsa ngati sopo ndikadali naye.

Mayeso otsiriza a kusukulu ndi a bungwe loona za anamwino ndi azamba ndinakhoza onse ulendo umodzi. Tsopano ndimagwira ntchito pachipatala chaching'ono m'mbali mwa nyanja, ndipo ophunzira amabwera kwa ife. Ndikaona wina akugwedeza mutu mofulumira kwambiri, ndimamupatsa wotchi yanga kuti awerenge madontho mokweza kwa masekondi 15. Akapeza 10 kapena 11 ndimamufunsa kuti chiwerengerocho chachokera pati.